Kubweza zithunzi zakale za pa Fesibuku zonse pamodzi

"Abale, foni yanga anaba ndipo munali zithunzi za malemu mayi anga. Zambiri ndinaziikanso pa Fesibuku kuyambira 2014 mpaka 2017, koma kufufuza chimodzichimodzi ndatopa nako. Pali njira yozitengera zonse pamodzi?"

Pepani kwambiri achemwali. Njira ilipo, ndipo kupatula bando simulipira kalikonse. Fesibuku imalola munthu kupempha fayilo ya zinthu zonse zimene anaikapo. Ine ndinachita zimenezi pofuna zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga. Chachikulu ndi chakuti muzitha kulowa mu akaunti yanu ndipo pasiwedi muziikumbukira, chifukwa adzakufunsani pomwe mukutenga fayiloyo.

Lowani pa Settings & privacy, kenako Settings, kenako Accounts Center. M'menemo pezani Your information and permissions, ndipo mudine Export your information. Mafoni ena amalembabe dzina lakale, Download your information, koma ndi chinthu chomwecho. Sankhani akaunti yanu, ndipo akakufunsani kopita fayiloyo, sankhani kuti ibwere m'foni kapena m'kompyuta yanu.

Tsopano apa ndiye pofunika kudekha. Musanatumize pempholo, pali malo olembedwa Date range. Ine ulendo woyamba sindinapagwire, ndipo ndinalandira za chaka chimodzi chokha chapitachi. Nditatsegula osapeza ukwatiwo, mtima unangoti myuu, kuganiza kuti zithunzi zinapita kalekale. Chonsecho zinalipo, ndine amene sindinazipemphe. Inu sankhani All time, kapena lembani nokha masiku, kuyambira Januwale 2014 mpaka Disembala 2017. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi zaka zinayi zimenezi, chifukwa fayilo yake imachepa ndipo siikutherani bando.

Pa Format sankhani HTML, osati JSON. HTML imatseguka ngati tsamba wamba, mumaona zimene munalemba, tsiku lake ndi chithunzi chake. JSON ndi ya anthu olemba mapulogalamu, kwa ife imangooneka ngati manambala ndi zizindikiro. Pa Media quality sankhani yapamwamba kwambiri. Zithunzi za mayi si zoumirira malo ayi. Komanso simukuyenera kutenga chilichonse: pomwe akukufunsani mitundu ya zinthu, chongani Posts, chifukwa zithunzi ndi maalubamu amene munaika zimabwerera m'menemo. Mukachonga Messages, fayilo imakula kwambiri ndi mavidiyo amene anzanu ankakutumizirani.

Mukatumiza, dikirani. Kwa ena imapsa pa ola limodzi, kwa ena pamatha masiku angapo. Amakudziwitsani pa Fesibuku pomwepo komanso pa imelo. Koma chonde muziyang'ana tsiku lililonse, chifukwa ikakonzeka imangokhala masiku 4 basi, akadutsa mumayambiranso kupempha. Onani kukula kwake musanadine, ndipo muone ngati foni ili ndi malo. Yanga inaposa 1 GB, moti ndinadikira mpaka nditapeza waifai.

Imabwera yomangidwa ngati ZIP. Imasuleni kaye ndi Extract, musamangoisuzumira ili chimangire, apo ayi masamba amatseguka opanda zithunzi ndipo mumayesa kuti yawonongeka. Zithunzi zenizenizo zili mufoda ya posts, m'kati mwa ina yolembedwa media.

Ndikuuzeni zoona pa zimene simudzazipezamo, kuti musadzakhumudwe. Fayiloyi imabweza zimene inuyo munaika ndipo zikadalipo. Zimene munafufuta kale sizibwerera. Chofufutidwa chimakhala mu Trash masiku 30 okha, kenako chimapitiratu. Chachiwiri, chithunzi chimene anaika mlongo wanu n'kungokutchulani dzina ndi cha akaunti yake, si chanu, ndiye mufayilo yanu simudzakhala. Kwa ine zithunzi zokongola kwambiri za ukwati uja, zija mayi aang'ono akuvina pelekanipelekani mbale ili pamutu, anaika ndi msuweni wanga, ndipo ndinachita kumupempha kuti naye atenge fayilo yake. Inunso afunseni abale amene ankajambula mayi, aliyense apemphe yake. Dziwaninso kuti Fesibuku imachepetsa chithunzi pomwe mukuchiika, choncho chobweracho sichingafanane ndendende ndi chimene chinali m'foni yobedwayo, makamaka za zaka zimenezo pomwe tinkaika ndi netiweki yofooka. Komabe nkhope imaoneka bwino.

Musapatse munthu pasiwedi kuti akuchitireni, ngakhale atalemba ku inibokosi kuti ndi katswiri wobweza zithunzi. Mukagwiritsa ntchito kompyuta ya pakafe, koperani fayiloyo mu fulashi, muifufute pakompyutapo, ndipo mutuluke mu akaunti musananyamuke. Kenako sungani kawiri, mu fulashi ndi pa Google Drive, ndipo ziwiri zitatu zimene mayi akuoneka bwino mukatsukitse kusitudiyo. Mukakakamira penapake, jambulani sikirini mutumize pompano, ndikulozerani podina.