Phindu la kale lisakunyengeni: onani nthawi ya mtengo

"Ndayesa njira yanga yobetchera Premier League pa mitengo yakale kuyambira 2015, ndipo ikuonetsa phindu. Ndiyambe kuikapo ndalama?" anafunsa mnzathu wa ku Chibavi.

Musafulumire, achimwene. Choyamba onani ngati masewera aliwonse mwawawerengera ndi zinthu zimene zinkadziwika mpira usanayambe. Ambiri amagwa apa: amatenga avareji ya zigoli za sizoni yonse n'kuigwiritsa ntchito pa masewera a mu Okutobala, pomwe zigoli za mu Epulo zili kale m'kati mwake. Sanjani masewera motsata masiku, ndipo kuwerengera kuthere pa dzulo lake.

Mtengo nawonso uli ndi nthawi yake. Ngati mumabetcha Lachisanu, musayese ndi mtengo wotsekera wa Loweruka, womwe ndi womaliza mpira usanayambe, chifukwa mayina a osewera amakhala atatuluka kale. Chotsaninso gawo la kampani: mukagawa 100 ndi mtengo uliwonse, mitengo ya 2.10, 3.40 ndi 3.60 imapereka mwayi wa 47.6%, 29.4% ndi 27.8%, zonse pamodzi 104.8%. Gawani peresenti iliyonse ndi 1.048 kuti zonse pamodzi zikhale 100%.

Nanga malamulo mwawasintha kangati? Mukayesa njira 20, imodzi ikhoza kuoneka yabwino mwamwayi chabe. Konzani malamulo pa masizoni oyambirira, muwatseke, kenako muyese kamodzi kokha pa masizoni awiri omaliza, ndalama yofanana pa beti iliyonse.

Pa mtengo wa 2.00, mabeti 400 angakweze kapena kutsitsa phindu ndi 5% popanda luso lililonse. Umboni wodalirika ndi woti mtengo umene munatenga uzikhala pamwamba pa wotsekera kawirikawiri.