Kwatsala masabata atatu kuti ukaime pamaso pa paneli

"Ankolo, ndili chaka chomaliza ku koleji ndipo pakatha masabata atatu ndikukapanga pulezentesheni ya kafukufuku wanga, atipatsa mphindi 15 kenako mafunso. Masilayidi sindinayambe koma mnzanga akuti ndi ntchito ya usiku umodzi, kungokopera machaputala basi. Ndiyambire pati?"

Mphwanga, mnzakoyo akukunamiza, ndipo makalata ngati awa amanditopetsa chifukwa mumayamba kuthamanga madzi atafika m'khosi. Koma masabata atatu ndi okwana ukayamba lero.

Sabata yoyambayi PowerPoint usaitsegule n'komwe. Werenganso chaputala cha njira zomwe unatsata ndi cha zomwe unapeza, kenako ulembe papepala chiganizo chimodzi chonena chimene wapeza. Tinene kuti unafunsa anthu 60 za atsikana osiya sukulu pa sekondale yoyendera ndipo ambiri anatchula kutalika kwa mtunda, chiganizo chako ndi chimenecho. Paneli idzakufunsa kuti chifukwa chani 60, unawasankha bwanji, nanga za sukulu imodzi zingaimire boma lonse? Mayankho ake ulemberetu ukawaonetse a supavaiza sabata yomweyi, osati kumakawasaka kwatsala masiku awiri.

Sabata yachiwiri ndiye masilayidi, 10 kapena 12 basi. Zomwe analemba ena silayidi imodzi yakwana, zomwe wapeza iweyo uzipatse zinayi kapena zisanu. Kukula kwa zilembo kusachepere 24, ndipo pamutu pa silayidi usangolemba kuti zotsatira, lemba kuti mtunda ndi umene anautchula ambiri, m'munsimo tchati chimodzi.

Sabata yomaliza ndi imene ine ndimaikapo mtima. Kuwerenga chamumtima uli chigonere pabedi si kuyeserera ayi. Imirira, tchera nthawi pafoni, yankhula mokweza mpaka kumapeto osaima ngakhale ulakwitse. Ulendo woyamba mwina ufika mphindi 20, usamathamangitse mawu, chotsa silayidi. Uzilinga kumaliza pa mphindi 13 chifukwa patsikulo pulojekita imachedwa, pakamwa pamauma, ndipo akakudula usanafike pa zomwe wapeza ndiye kuti chaka chonse wangowaonetsa mawu oyamba. Uchite zimenezi tsiku lililonse, kamodzi udzijambule pafoni uone ngati ukufulatira anthu n'kumawerenga pakhoma. Kwatsala masiku atatu itana anzako awiri akupanikize ndi mafunso aja, ukatero masilayidi usawasinthenso.

Patsikulo fayilo ikhale pa fulashi ndi pa imelo, ina uisunge ngati PDF kuti zilembo zisasokonekere pa laputopu ya eni. Sindikizanso papepala kuti magetsi akathima upitirize. Fika kudakali ola lathunthu uone ngati chingwe cha pulojekita ndi HDMI kapena VGA. Akakufunsa zomwe sunafufuze usapeke yankho, nena kuti kafukufukuyu sanafike pamenepo kenako ufotokoze zomwe anthu 60 aja anakuuza.