Mawu a m'munsi mwa kanema akuthawa owerenga asanamalize

"Ndimagwira ntchito ku bungwe lina la zaumoyo kuno ku Zomba. Andipatsa kanema wa mphindi 6 wa Chingerezi wophunzitsa kakonzedwe ka madzi a ORS opatsa mwana wotsekula m'mimba, kuti ndiikemo mawu a Chichewa m'munsi. Ndikamasulira zonse, mawu akudzaza kanema yense ndipo akuchoka anthu asanamalize kuwerenga. Ndikafupikitsa, abwana akuti ndasiya zina. Nditani?"

Achemwali, musanalembe liwu lililonse la Chichewa, yambani mwawerengera nthawi. Ine ndinataya miyezi ndikuchita zinthu chobwerera m'mbuyo: kumasulira kaye chiganizo chonse mokongola, kenako n'kumalimbana nacho kuti chilowe m'kampata kakang'ono. Katundu amamangidwa molingana ndi njinga imene ilipo. Njinga yanu ndi masekondi amene mawuwo akhale pa kanema, ndipo masekondi amenewo ndi amene akuuzeni kuchuluka kwa zilembo zimene munganyamule.

Muyeso wake ndi zilembo pa sekondi, kuwerengera mipata ndi zizindikiro za m'kalembedwe zomwe. A Netflix, m'malangizo awo a zinenero zambiri, amalola zilembo 17 pa sekondi pa mapulogalamu a akuluakulu ndi 13 pa a ana, mizere isapose iwiri, mzere uliwonse usapose zilembo 42, ndipo mawu asakhale pa kanema kupitirira masekondi 7. Manambala amenewa ndi poyambira pabwino, koma anapangidwira munthu wozolowera kuwerenga uku akuonera. Mayi amene alandire kanema wanu pa WhatsApp, pa foni yaing'ono, mwana ali kumsana, si munthu ameneyo. Ambiri a ife tinaphunzira kuwerenga Chichewa m'mabuku a kusukulu ndi a kutchalitchi, mabuku amene amadikira. Kanema sadikira. N'chifukwa chake pa makanema ophunzitsa anthu ine ndimadziikira malire a 14, ndipo ndikatsika kufika pa 12 mtima umakhala m'malo.

Mukamva ena akunena za mawu pa mphindi, zimenezo zisiyeni. Liwu lathu limodzi limanyamula katundu wa anthu asanu. "Tikadzakuonaninso" ndi liwu limodzi, koma lili ndi zilembo 17 ndipo m'Chingerezi likufuna mawu asanu. Mukawerenga mawu mudzaona ngati muli pang'onopang'ono pamene maso a wowerenga akuthamanga.

Tiyeni tigwire ntchito yeniyeni. Tinene kuti namwino wa m'kanema wanu akunena izi:

```
14
00:01:12,000 --> 00:01:17,000
What you need to do is mix the whole
sachet into one litre of clean drinking water.
```

Kuchokera pa 12 kufika pa 17 ndi masekondi 5. Kuchulukitsa ndi 14, muli ndi zilembo 70. Kumasulira kotsata liwu ndi liwu kumabereka izi: "Chimene mukuyenera kuchita ndi kusungunula paketi yonse mu lita imodzi ya madzi akumwa aukhondo." Zilembo 96, ndiye kuti 19 pa sekondi, komanso sizingakwane m'mizere iwiri. Tsopano funsani: kodi mayi uja akaphonya chiyani mwana angavulale? Zinthu zitatu: paketi yonse, lita imodzi, madzi aukhondo. Zimenezo sizikhudzidwa. "Chimene mukuyenera kuchita ndi" ndi mawu ongotsukira kukhosi, ndipo Chichewa chili kale ndi njira yake yowanenera: mneni wolamula. "Akumwa" nawonso apite, poti munthu akuona kapu ndi mwana patsogolo pake.

```
14
00:01:12,000 --> 00:01:17,000
Sungunulani paketi yonse
mu lita imodzi ya madzi aukhondo.
```

Zilembo 57, kupitirira pang'ono 11 pa sekondi. Palibe mfundo imene yatayika. Onaninso kuti ulemu sunachoke. Ka "-ni" ka kumapeto kwa "sungunulani" kagwira ntchito ya "chonde" ndi ya "inu" pamodzi. Apa ndipemphe chinthu chimodzi: musapulumutse zilembo ziwiri polemba "sungunula". Chingerezi sichisiyanitsa iwe ndi inu, choncho womasulira ndi amene amasankha, ndipo namwino wonena "iwe" kwa mayi wa mwana amatseka makutu a anthu kanema asanafike pakati.

Chiganizo chotsatira ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Namwino akunena kwa masekondi 6 kuti madzi otsala pakatha tsiku lathunthu asaperekedwe kwa mwana, atayidwe, pakonzedwe ena. Womasulira wokhulupirika amalemba kuti: "Ngati pali madzi amene atsala pakatha maola makumi awiri ndi anayi, musamupatse mwana. Atayeni ndipo mukonze ena atsopano." Zilembo 122. Choyamba chodula n'choonekeratu: "makumi awiri ndi anayi" akhale 24, ndipo mwapulumutsa zilembo 20 nthawi imodzi. Manambala athu ndi aatali polemba, ndipo diso limagwira 24 msanga kuposa mawu anayi. "Ena atsopano" ndi kubwereza, "ena" akukwanira.

Koma vuto lalikulu silili pa kutalika. Lili pa ka "sa". Pakati pa "mumupatse" ndi "musamupatse" pali zilembo ziwiri zokha, zobisala m'kati mwa liwu lalitali. Munthu wowerenga mothamanga sawerenga chilembo chilichonse, amagwira mutu ndi mchira wa liwu n'kudutsa. Mutu ndi mchira wa mawu awiriwa ndi zofanana. Ngati liwu limeneli lakhala kumapeto kwa mzere wachiwiri, pamene mawu atsala pang'ono kuzimiririka, mayi uja angathe kuchoka ndi uthenga wotembenuka. Ndiye ine ndimachita ziwiri. Ndimaika liwu lokana kumayambiriro kwa mzere, pamene diso limatera lili ndi mphamvu, ndipo ndimatsogoza lamulo lonena chochita kuti ngakhale "sa" aphonyedwe, tanthauzo likhale litafika kale.

```
15
00:01:17,200 --> 00:01:23,200
Pakatha maola 24, otsalawo atayeni.
Musamupatse mwana, konzani ena.
```

Zilembo 66 m'masekondi 6, ndiye 11 pa sekondi. Ndasintha ndondomeko ya namwino, kutaya kwabwera patsogolo pa kuletsa, ndipo ndachita dala.

Podula mzere, dulani pamene munthu angapumire polankhula. "Ya" asatsale kumapeto kwa mzere woyamba pamene "madzi" ali pansi. Chimodzimodzi "wa", "cha", "za", "ndi", "mu", "kuti": timawu timeneti timakoka liwu la kutsogolo, choncho tipite nalo limodzi. Nambala isasiyane ndi chimene ikuwerenga. Ndipo liwu lalitali lisadulidwe pakati ndi kamzere, ngakhale litavuta bwanji. Lisamutseni lonse.

Pali nthawi zina pamene mwadula zonse zodulika koma sizikukwanabe. Pamenepo bwerekani nthawi. Wolankhula akamaliza n'kupuma, mawu angathe kutsalira pa kanema kwa theka la sekondi kapena kupitirira pang'ono, bola chithunzi chisanasinthe, chifukwa chithunzi chikasintha diso limayambiranso kuwerenga poganiza kuti pabwera mawu atsopano. Mungathenso kuphatikiza tizigawo tiwiri tatifupi kukhala chimodzi, kapena kugawa chachitali pawiri. Musamangike ndi magawo a Chingerezi amene munalandira, anadulidwa motsata mpweya wa chinenero china. Siyaninso kampata pakati pa chigawo ndi chinzake, ngati gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi limene mwaliona pakati pa chigawo 14 ndi chigawo 15 pamwambapa, kuti wowerenga aone kuti mawu asintha.

Kuwerenga zilembo ndi chala musachite, ine ndachita pano pofuna kukuonetsani chabe. Pulogalamu ya Subtitle Edit ndi yaulere, imaonetsa zilembo pa sekondi pa chigawo chilichonse ndipo imachenjeza mukadutsa malire amene mwaika. Imaonetsanso mafunde a mawu, moti mumaona ndi maso pamene namwino wayamba ndi pamene wapuma. Posunga fayilo ya mawuwo, yotchedwa SRT, sankhani UTF-8, apo ayi ŵ wa mu Malaŵi, ngati mumamulemba, adzatuluka ngati zizindikiro zachilendo. Ndipo poti kanemayo ayenda pa mafoni, mawu amatidwe pa kanema penipeni. Fayilo yapadera imatsalira m'njira munthu woyamba akangotumizira mnzake.

Za abwana. Iwo akuyerekeza mapepala awiri, la Chingerezi ndi la Chichewa, ndipo pa pepala ali ndi mfundo. Kukangana nawo pa pepala simungapambane. Akonzereni mndandanda wa zigawo zonse, pa chilichonse mulembe masekondi, mawu anu, tanthauzo lake m'Chingerezi, ndi chimene mwasiya. Akaona kuti zosiyidwazo ndi "chimene mukuyenera kuchita" ndi "monga ndanena kale", pamene milingo, maola ndi zoletsa zonse zilipo, nkhani imazizira. Ngati pali mfundo ya zaumoyo imene iwo akuti isachoke, amvereni, ndipo mupeze nthawi yake podula zina. Kenako aonetseni kanema wa mawu onse aja pa foni, phokoso mutazimitsa, awerenge mokweza. Sindinaonepo munthu amene anamaliza mphindi imodzi ya zilembo 20 pa sekondi osatsalira.

Kuyesa komweko n'kumene kumandiuza ngati ntchito yatha. Ndimapatsa foni munthu amene sanauonepo kanemayo, osati wa mu ofesi, koma wofanana ndi amene tikuwalembera. Sindifunsa ngati wamva, poti mwaulemu aliyense amati eya. Ndimafunsa kuti: madzi akhale ochuluka bwanji? Akatsala mawa mutani nawo? Ndimayang'ananso milomo. Ambiri amawerenga akuyendetsa milomo, ndipo mawu akachoka milomo ikadali pakati, chigawo chimenecho ndimachilemba kuti ndichibwerere. Pa kanema wina wa zaulimi, bambo wina amene ndinamuyesa anayankha zonse bwinobwino, koma nditamufunsa chimene mlangizi ankachita ndi manja, sanachione. Maso ake anathera pa mawu. Kuyambira pamenepo, chithunzi chikamaonetsa ntchito ya manja, monga kuyeza madzi kapena kung'amba paketi, ndimachepetsa mawu kuposa masiku onse kuti diso lipeze mpata wokwera m'mwamba.

Ngati mwa anthu asanu amene mwawayesa atatu akulephera ngakhale pa 12, vuto silili pa kamasuliridwe kanu. Anthu amenewo akufunika kumva Chichewa ndi makutu. Kauzeni abwana kuti pajambulidwe mawu a munthu wolankhula Chichewa aikidwe pamwamba pa a namwino, ndipo mawu anu ofupikitsidwa kalewo ndi amene wolankhulayo ayambirepo, chifukwa akukwana kale m'masekondi ake.