Thupi lalikulu likamabisa luso la mwana pa mpira

"Ndine mphunzitsi wa zamasewera. Kalabu ina yatipempha anyamata asanu aluso pa mpira wamiyendo, osakwana zaka 14. Pa ana 40 ndasankha kale timu ya 18, koma makolo ena akuti ndimakondera amatupi akuluakulu. Ndisankhe bwanji mwachilungamo?"

Aphunzitsi, musanakangane ndi makolowo, tengani kaundula wa sukulu mulembe mwezi wobadwa wa mwana aliyense mwa 18 aja. Ngati mpikisano wanu umayamba kuwerenga zaka pa 1 Januwale, gawani chaka panayi. Posankha mosakondera, gawo lililonse likhala ndi ana anayi kapena asanu. Mukapeza kuti khumi ndi a Januwale mpaka Malichi, wa Okutobala mpaka Disembala n'kukhala mmodzi yekha, makolo aja aona zoona, ngakhale inu simunachite dala.

Vutoli ndi lakale. Mu 1985, Roger Barnsley ndi anzake anasonyeza kuti m'matimu apamwamba a hoke, masewera a pa madzi oundana, ku Canada munadzaza obadwa kumayambiriro kwa chaka. Ku England, kumene amayambira pa 1 Sepitembala, opindula ndi obadwa Sepitembala mpaka Novembala. Choncho mwezi pawokha ulibe mphamvu. Wa Januwale amangoposa wa Disembala ndi miyezi 11 ya kukula, ndiye amathamanga kwambiri, amasankhidwa, amalandira mphunzitsi wabwino ndi masewero ambiri, mpaka amadzakhaladi katswiri. Mnzake uja amagwa ulesi n'kusiya.

Koma pa msinkhu wa ana anuwo, chimene chimasocheretsa kwambiri ndi kutha msinkhu. Anyamata ambiri amatalika mofulumira ali ndi zaka pafupifupi 14, atsikana pafupifupi 12, ndipo ena amatsogola kapena kuchedwa ndi chaka, mwinanso ziwiri. Tiyerekeze ana awiri obadwa mwezi umodzi. Woyamba ndi wamtali masentimita 170, mawu anasintha kale, ndipo mamita 30 akuwathamanga m'masekondi 4.6. Wachiwiri ndi wa masentimita 148, akuthamanga 5.1. Wotchi ikuloza woyamba. Tsono ayezeni kutalika miyezi itatu iliyonse, atavula nsapato, nthawi yofanana ya tsiku. Mukaona kuti woyamba wangowonjezera theka la sentimita pamene thupi lake likuoneka kale lachikulire, liwiro lakelo ndi la munthu amene watsala pang'ono kumaliza kukula. Wachiwiri sanayambe n'komwe. Akadzayamba kuwonjezera masentimita awiri pa miyezi itatu, ana ena amasokonekera kwa kanthawi, mpira umawapulumuka, ndipo amadandaula kuwawa m'munsi mwa bondo kapena kuchidendene. Nyengo imeneyo ndi yochepetsa kulumpha ndi kuthamanga kolemetsa, si yomuchotsa m'timu.

Ndiye muyeze chiyani? Ine ndimakhulupirira masewero a anayi kwa anayi pa bwalo laling'ono, chifukwa aliyense amagwira mpira kawirikawiri. Muone ngati mwana amayang'ana mbali mpira usanamufike, kumene amaulozetsa pougwira koyamba, ngati amagwiritsa ntchito mwendo wofooka, ndiponso zimene amachita akalandidwa mpira. Pa chilichonse perekani malikisi 1 mpaka 4, ndipo muwauziretu ana ndi makolo zimene mukuyang'ana. Oona akhale awiri, aliyense ndi pepala lake, osafunsana mpaka kumapeto. Tsiku limodzi silikwanira. Bwerezani kwa milungu ingapo, ndipo tsiku lina aseweretseni malinga ndi kukula kwa matupi, akuluakulu paokha, ang'onoang'ono paokha. Pamenepo wamkulu uja alibe womukankha, ndiye mumaona ngati ali ndi nzeru za mpira.

Pali njira ina yosafuna ndalama imene ndimaikonda kwambiri. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2017, ofufuza osewera a kalabu ya PSV Eindhoven ku Netherlands ankakonderabe ana obadwa msanga ngakhale atapatsidwa masiku obadwa. Kukonderako kunatha pamene manambala a pamalaya anatsata masiku obadwa, woyamba kubadwa kuvala 1, ndipo oonawo anauzidwa tanthauzo lake. Chitani chimodzimodzi.

Ku kalabu musangotumiza mayina asanu. Makolo akavomereza, tumizani tsiku lobadwa, miyeso ya kutalika ndi malikisi a mwana aliyense, kuti wamng'ono asaweruzidwe pa khomo. Afunseni a kukalabuwo kuti amuona kangati, adzamuyang'anira ndani, ndiponso ngati masewera sadzalowerera maphunziro. Pemphaninso kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi adzabwere kudzaona ana onse 40, kuphatikizapo 22 amene sanalowe m'timu. Zimenezi zikutanthauza kuti 22 amenewo azikhalabe ndi tsiku lawo lophunzira mpira mlungu uliwonse, pansi pa mphunzitsi yemweyo.