Akati malamulo a kampani salola, funsani ndime yake

"Mwana wanga wamkazi anagwira ntchito zaka ziwiri pa kampani ina kuno ku Lusaka, kenaka anasiya yekha. Tsopano kumene akufunsira ntchito yatsopano akufuna kalata yochokera kumene ankagwira. Atapita kukapempha, a ku ofesi yoona za antchito anamuuza kuti malamulo a kampani salola. Kodi tingosiya?" Mayi wa ku Chawama

Mayi, musasiye msanga. Mwana wanu abwerere ndi funso limodzi lolembedwa papepala: ndi ndime iti ya malamulowo imene ikuletsa? Malamulo a kampani amakhala m'buku, ndipo ndime zake zimakhala ndi manambala. Amene wakana chifukwa cha lamulo ayenera kutha kuliloza ndi chala. Nthawi zambiri munthu wa pa desiki sananame, wangobwereza zimene anamva kwa amene anamupeza pa ofesipo, ndimeyo osaiwerenga.

Koma asanalembe, adziwe kalata imene akufuna, chifukwa makalata ake ndi awiri ndipo anthu amawasakaniza. Ina ndi kalata yomuchitira umboni, yonena kuti anali wakhama ndi wokhulupirika. Lamulo la ntchito la Zambia, Nambala 3 la chaka cha 2019, silikakamiza wolemba ntchito kulemba imeneyi, choncho kampani ikhoza kukana. Inayo ndi satifiketi ya ntchito. Gawo 59 la lamulo lomweli limati ntchito ikatha, wolemba ntchito apereke satifiketi yosonyeza dzina la kampani, dzina la wantchito, tsiku limene anayamba, tsiku limene anasiya ndi mtundu wa ntchito imene ankagwira. Buku la kampani silingafufute zimene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa. Ndikuganiza kuti mwana wanu anangoti "ndikufuna kalata", ndipo iwo anamva kuti akufuna ya umboni ija.

Alembe yekha, osati inu, pakuti amene anali pa mgwirizano ndi kampaniyo ndi iyeyo. Ngakhale alembe m'Chingelezi, mfundo zake zikhale zotere: "Bwana, pa tsiku lakuti ndinapempha satifiketi ya ntchito ndipo ndinauzidwa kuti malamulo a kampani salola. Ndikupempha mundiuze dzina la bukulo ndi nambala ya ndime imene ikuletsa, komanso mundipatse kope la ndimeyo. Ngati pali zimene ndiyenera kukwaniritsa kaye, mundiuze." Aike tsiku limene akuyembekeza yankho, sabata imodzi ndi yokwanira. Apange makope awiri, limodzi alidinditse kapena alisayinitse pamene akupereka, n'kubwerera nalo kunyumba. M'kalata yoyambayi musakhale mawu oopseza kapena otchula khoti. Munthu woopsezedwa amathamangira kudziteteza, pamene munthu wofunsidwa nambala ya ndime amatsegula buku.

Yankho likabwera, aliwerenge mwachifatse, mawu ndi mawu. Tiyerekeze kuti amutumizira ndime yakuti mamanijala asalembere munthu kalata ya umboni m'dzina la kampani. Ndime yotere ikunena za mamanijala ndi kalata ya umboni basi, satifiketi siikuikhudza. Apo ayankhe kuti wamva, kalata ya umboni waisiya, akupempha satifiketi yokha malinga ndi gawo 59. Kwa olemba ntchito ambiri satifiketi imakwanira, chifukwa chimene akufuna kutsimikiza ndi chakuti zaka ziwirizo n'zoona. Za khalidwe lake angapemphe amene ankamuyang'anira kuti alole kuimbiridwa foni ngati munthu payekha.

Zikhozanso kupezeka kuti ndimeyo sikuletsa konse, ikungoti munthu abweze kaye yunifolomu, makiyi kapena chiphaso cha kampani ndi kusayinitsa fomu yotulukira. Ngati ndi choncho, abweze, imeneyo ndiyo njira yachidule. Ayang'anenso chaka chimene bukulo linalembedwa, chifukwa makampani ena akugwiritsabe ntchito mabuku akale amene sanakonzedwe pambuyo pa 2019.

Pali chimodzi chimene ndikufuna mutsimikize: kodi mwana wanu analembedwa ntchito, kapena anali wophunzira woyeserera ntchito wotumizidwa ndi koleji? Ngati anali wophunzira chabe, gawo lija mwina silingamuthandize mofanana, ndipo ndi bwino kudzera ku koleji. Ngati ankalandira malipiro mwezi ndi mwezi ndipo ankadulidwa ndalama za NAPSA, ali ndi poimira.

Sabata ikatha ali chete, kapena akangobwereza kuti malamulo salola popanda kutchula ndime, atenge kope lodindidwa lija, kalata yomulembera ntchito ndi mapepala a malipiro, apite nazo ku ofesi ya leba ya Unduna wa Zantchito. Pakadali pano auze kumene akufunsira ntchito kuti satifiketi ikubwera, ndipo awapatse mapepala a malipiro kuti fomu yake isaikidwe pambali.