Eyakoni ya 12,000 BTU ingadye zingati pamwezi?

"Abale, ndikufuna kuika eyakoni ya 12,000 BTU kuchipinda chogona, kutenthaku kwanyanya. Wogulitsa akuti sidya magetsi kwenikweni. Ingamandidyere ndalama zingati pamwezi?"

Achemwali, mawu omwewo wondigulitsa eyakoni anandiuza ine, eti "mayi musadandaule, imadya ngati filiji basi." Filiji yake iti? Filiji ya pakhomo imatha yuniti imodzi kapena iwiri tsiku lonse, pomwe eyakoni imatha yuniti imodzi pa ola limodzi lokha kompuresa ikamalira. Musatulutse ndalama musanawerenge kapepala kamene amamata pambali pa makinawo.

Pakapepalapo pali manambala awiri ofanana maonekedwe. Ina amalemba Cooling capacity, pa 12,000 BTU mupeza 3.5 kW kapena 3,500 W. Imeneyo ndi mphamvu yoziziritsira, mita yanu siyiwerenga. Imene mukufuna ndi yolembedwa Rated input kapena Power input, ndipo pa makina a saizi imeneyo imakhala cha m'ma 1,100 W mpaka 1,200 W. Akangolemba maampu okha, chulukitsani ndi 230. Maampu 5 ndiye kuti 1,150 W. Mukatero gawani ndi 1,000 kuti mupeze makilowati, chifukwa yuniti imodzi ya pamita ndi kilowati imodzi yoyaka kwa ola limodzi.

Tinene kuti yanuyo ndi ya 1,200 W, kutanthauza 1.2 kW, ndipo muziyatsa kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, maola 8. Usiku umodzi ndi mayunitsi 9.6. Masiku 30 ndi mayunitsi 288. Mtengo wa yuniti musafunse pagulu pano, aliyense akuuzani wa chaka chake. Tengani uthenga wa tokeni imene munagula posachedwa, mugawe ndalama zonse zimene munalipira ndi mayunitsi amene anakupatsani, msonkho ulowe momwemo. Koma musatenge tokeni yoyamba ya pamwezi. Ku ESCOM mayunitsi 50 oyambirira a panyumba amakhala otsika mtengo, ndipo amenewo amatha kale ndi mababu, filiji ndi ayironi, choncho eyakoni yonse muziilipira pa mtengo wapamwambawo. Ngati pa K20,000 munalandira mayunitsi 100, ndiye kuti yuniti ndi K200, ikaniponi yanu yeniyeni. Mayunitsi 288 pa K200 ndi K57,600 pamwezi, pamwamba pa magetsi amene mumagula kale.

Anthu odziwa akuuzani kuti nambala imeneyo ndi yapamwamba, chifukwa chipinda chikazizira kompuresa imapuma, fani yokha n'kumazungulira. Akunena zoona, koma pokhapokha ngati makinawo akukwanira chipindacho. Kwa ine kunoko ku Nchalo sizinatero. Wogulitsa uja anabwera kudzaona pabalaza panga, malata opanda siling'i, zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo, n'kunena ndi pakamwa pake kuti ya 9,000 BTU ikwana. Ndi imene inamutsalira m'shopu, ndinazimva pambuyo pake. Kabokosi kakunja anakakhomera pakhoma lomwe dzuwa la masana limawomba mpaka madzulo, kenaka anaika limoti pa madigiri 16 n'kundiuza kuti ndisamasinthe, eti izizizira msanga. Mu Okutobala wa kuno pabalaza lotero silingafike pa 16 ngakhale mutapemphera usiku wonse, ndiye kompuresa sinkapuma. Pakapepala panalembedwa 900 W. Tinkaiyatsa maola 12 patsiku chifukwa cha mayi anga okalamba amene amavutika kupuma kukatentha, ndiye kuti mayunitsi 10.8 tsiku lililonse, 324 pamwezi, osachotsapo ngakhale imodzi.

Ndinali nditagula mayunitsi monga mwa masiku onse, owonjezerapo pang'ono, n'kupita kumaliro ku Thyolo, kusiya mayi ndi mtsikana wanga. Mayunitsi anatha usiku wa Lachisanu. Mwanayo anayesa kuti magetsi azima dera lonse monga zimachitikira, foni yake n'kuthima moto, osaganiza zoyang'ana pamita. Ndikufika Lamlungu madzulo, fungo linandilandira ndili pageti. M'filiza munali chambo ndi nkhuku za oda ya chinkhoswe, ndalama za eni ake nditalandira kale theka. Madzi ofiira anali atayenda pansi mpaka pakhomo la kukhitchini, ntchentche zili ng'waa pachivundikiro, nsomba zitafewa moti ukagwira chala chimalowa. Mayi ndinawapeza atagona pamkeka pakhonde, atafunda chitenje chonyowa, akupuma movutikira. Tinakumba dzenje kuseri usiku womwewo ndi tochi n'kukwirira katundu yense. M'mawa mwake ndinapita kukagwada kwa eni chinkhoswe, ndipo ngongole imeneyo inandidyera phindu la nyengo yonse ya Khirisimasi.

Nditamuimbira wogulitsa uja, mukudziwa anati chiyani? Eti mwina mita yanga ndi yakuba, kapena ana akuphikira pa hotipuleti ndikachoka. Kenaka anasiya kuyankha foni. Munthu woti amagulitsa makina amenewa tsiku ndi tsiku, akulephera kuchulukitsa 0.9 ndi 12? Ankadziwa bwinobwino. Amangofuna katundu achoke pashelefu, zotsatira zake mudzaone nokha. Mpaka lero ndikamadutsa pashopu pake mtima umandiwawa.

Ndiye inu mukaiika, masamu a papepala muwatsimikize ndi mita. Usiku woyamba musaiyatse, lembani mayunitsi otsala nthawi ya 10 koloko ndi ya 6 koloko m'mawa. Usiku wachiwiri chitani chimodzimodzi eyakoni ili yoyaka, limoti ili pa 24 kapena 25, chitseko ndi mazenera zotseka. Sankhani mausiku amene magetsi sanazimepo, apo ayi muyeso wanu unama. Ngati usiku woyamba panapita 1.5 ndipo wachiwiri 7.5, eyakoni yadya 6. Pamwezi ndi mayunitsi 180, pa K200 paja ndi K36,000. Mukapeza kuti yadya pafupifupi 9.6 yonse ija, china chake chalakwika. Tulukani panja mumvetsere ngati kompuresa ikumapumako. Tsegulani kutsogolo muone masefa, akadzaza fumbi mpweya suyenda, atsukeni ndi madzi. Muonenso mapaipi pakabokosi kakunja. Lalikululo liyenera kukhala lozizira ndi kutuluka thukuta, koma mukaona madzi oundana achita mbuu papaipi ndiye kuti gasi akuthawa kapena masefa atsekeka, ndipo makina akungodya magetsi osaziziritsa.

Komabe gulani, achemwali, ine sindingakuletseni, kutentha kwa masiku ano fani imangokupemererani moto. Ine ndemwe ndinasonkha ndalama n'kugula ina ya 12,000 BTU ya inveta, ndinaiika kuchipinda kwa mayi kumene kuli siling'i. Ya inveta imakwera mtengo pogula, koma chipinda chikazizira imatsitsa liwiro la kompuresa m'malo mozima ndi kuyaka, ndiye usiku imadya pang'ono. Ngati kwanuko kulibe siling'i, yambani mwaika siling'iyo. Ndipo mukamachoka pakhomo muphunzitse ana kuwerenga mita, muwasiyirenso tokeni ina yolemba papepala.