Lendi, magetsi ndi mlonda tigawe bwanji pa magawo awiri a loja?

"Loja yathu ili ndi gawo la zomangira ndi gawo la zovala, koma lendi, magetsi ndi mlonda timalipirira pamodzi. Abwana akuti tigawe zonse molingana ndi ndalama zimene gawo lililonse lagulitsa. Kodi ndi bwino?"

Achimwene, musavomere msanga, chifukwa kagawidwe kameneko ndi kamene kanandichotsa ntchito ku Ulongwe. Ine ndinkayang'anira gawo la zakudya, monga shuga, mafuta ophikira ndi zakumwa zozizira, pomwe mnzanga ankayang'anira matiresi ndi mipando. M'miyezi itatu gawo langa linagulitsa katundu wa mametikali 900,000. Tinayamba ndi katundu wa 120,000, tinaoda wa 810,000, ndipo potseka panatsala wa 130,000, kutanthauza kuti katundu amene anagulidwayo anatidyera 800,000 ndi kutisiyira phindu loyamba la 100,000. Titachotsa malipiro a anyamata a gawo langa, 30,000, panatsala 70,000. Mnzangayo anagulitsa 300,000 yokha, koma popeza mipando imapindulitsa kwambiri pa chinthu chimodzi, iye anatsala ndi 90,000 atalipira antchito ake.

Zolipirira pamodzi zinali 100,000: lendi 60,000, magetsi 16,000 ndi mlonda 24,000. Wowerengera ndalama wathu, amene anali mlamu wa abwana ndipo sanalowepo n'komwe kuseri kwa kauntala, anangoona kuti 900,000 ndi 300,000 kuchulukitsa katatu, basi n'kundisenzetsa 75,000, mnzanga 25,000. Tsiku la msonkhano anatiunjika tonse m'chipinda chosungiramo katundu, tili chiimire pakati pa matiresi, n'kuwerenga mokweza pamaso pa anyamata amene ndinkawalamula kuti gawo langa laluza 5,000 pomwe la mipando lapindula 65,000. Anazungulizanso nambala yangayo ndi cholembera chofiira n'kuyendetsa pepalalo m'manja mwa aliyense. Abwana anandifunsa mawu amodzi okha, akuti, "Ndalama zikupita kuti?" Munthu amene amatsegula loja m'mamawa tsiku ndi tsiku n'kumuyang'ana ngati wakuba chifukwa cha ulesi wa munthu woopa kugwira tepi yoyezera!

Lamulo lake ndi lakuti cholipira chilichonse chigawidwe potsata chimene chimachibweretsa. Lendi timalipirira malo, ndiye iyezedwe ndi malo. Loja ija inali masikweyamita 200, ine ndinkagwiritsa ntchito 50 ndipo mipando inadzaza 150, choncho lendi yanga inayenera kukhala 15,000, ya mnzanga 45,000. Magetsi sindikanakana kusenza ambiri, pakuti mafiriji anali kwanga ndipo mayunitsi a magetsi a Credelec ankatha chifukwa cha iwowo, ndiye tinene 12,000 kwa ine, 4,000 kwa iye. Mlonda amalondera katundu, ndipo katundu wa mnzanga anali wa 260,000 poyerekeza ndi wanga wa 130,000, zimene zikupereka 8,000 kwa ine ndi 16,000 kwa iye. Mukaphatikiza, ine ndikusenza 35,000 ndi kutsala ndi phindu la 35,000, iye akusenza 65,000 ndi kutsala ndi 25,000. Onani kuti phindu la loja yonse ndi 60,000 m'njira zonse ziwiri, ndipo ngati mwasintha kagawidwe koma chiwerengero chonsecho chasuntha, dziwani kuti penapake mwaphonya masamu.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti abwana anatsekadi gawo la zakudya poganiza kuti apulumutsa 5,000. Mwininyumba sanatsitse lendi, mlonda sanachepetsedwe malipiro, ndipo chimene chinachoka ndi magetsi a mafiriji okha. Gawo la mipando linatsala lokha ndi 90,000 yake kuti lilipire 88,000, phindu la loja n'kugwa kuchoka pa 60,000 kufika pa 2,000, osawerengera makasitomala amene ankabwerera shuga n'kuonera matiresi pomwepo. N'chifukwa chake papepala lanu payenera kukhala mzere woonetsa zimene gawo latsala nazo musanagawe zolipirira pamodzi. Gawo limene pa mzere umenewo lili ndi ndalama likuthandiza kulipira lendi, ngakhale pansi penipeni litaoneka ngati laluza.

Tsono kwa inu, simenti ndi malata zimadya malo ambiri kuposa zitenje, choncho yezani pansi mawa lomwe. Komabe musakangane ndi abwana pa kanthu kalikonse. Zinthu monga kulengeza malonda pa wailesi, mabuku a malisiti ndi malipiro a wolandira ndalama zigaweni ndithu potsata zogulitsa, chifukwa palibe muyeso wina wabwino. Ndipo ngati abwanawo aumirira njira yawoyo ngakhale pa lendi, ilandireni, bola ailembe chaka chisanayambe, asaisinthe pakati, komanso bonasi yanu iwerengedwe kuchokera pa mzere wa pamwamba uja.